Mwana wanga akungoti sensei, dojo, rei: mawu amenewa amatanthauza chiyani kwenikweni?

Make_Yamikani

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 9 anayamba karate mwezi wa Meyi pa holo ina kuno ku Lilongwe. Iye akukondwa nazo, ndipo ine ndinalibe nazo vuto mpaka Loweruka lapitali, pomwe anamuperekeza ndi agogo ake, apongozi anga, ine ndili ku maliro. Anabwerako nkhope itagwa. Akuti ana amawagwaditsa pamzere, kuwauza kuti atsinzine, kenako onse n'kuwerama atayang'ana khoma lomwe papachikidwa chithunzi cha nkhalamba ina ya ku Japan. Akuti mphunzitsi amakuwa mawu achilendo, ana n'kumavomera pamodzi ngati m'tchalitchi. Anandiuza maso ndi maso kuti mdzukulu wawo sagwadira mafano iwo ali moyo.

Mwanayo ndikamufunsa akungoti ndi mmene timachitira ku dojo, sensei anatero. Ndikati sensei n'chiyani, akuti sensei ndi sensei basi. Sindikufuna kumusiyitsa ndisanamvetse, komanso sindingakayankhule ndi apongozi manja ali zii. Mawu omwe ndalemba kuchokera pakamwa pake ndi awa: sensei, dojo, seiza, mokuso, rei, ndi lina lomveka ngati oss. Alipo akudziwa tanthauzo lake lenileni, osati longoganizira?

Kamtedza

Zosavuta izi amayi. Sensei ndi katswiri wa lamba wakuda yemwe anamaliza zonse. Dojo ndi kachisi wa karate. Oss ndiye kuti inde bwana.

Make_Yamikani

Mukati kachisi ndiye mwawapatsa mphamvu apongozi angatu, a Kamtedza.

Nambewe_Kobe

A Kamtedza mwathamanga. Ine karate sindinasewerepo, koma ndinakhala ku Japan zaka zinayi pa maphunziro, ndipo mwana wanga wamkulu anayambira pulayimale komweko. Liwu loti sensei ndinkalimva tsiku lililonse kwa anthu omwe sanavalepo lamba wa mtundu uliwonse.

Amalilemba ndi zilembo ziwiri. Choyamba, sen, chimatanthauza patsogolo kapena poyamba. Chilembo chomwechi chili m'liwu loti sengetsu, mwezi watha, ndi senshu, sabata yatha, kusonyeza chinthu chomwe chinatsogola. Chachiwiri, sei, ndi kubadwa kapena moyo. Mukaphatikiza mupeza wobadwa poyamba, amene anatsogola kuona dzuwa. Mulibemo ndewu, mulibemo lamba, mulibemo ngakhale mawu oti kuphunzitsa. Umboni wake ndi woti sei yemweyo ali m'liwu loti gakusei, lomwe ndi mwana wasukulu.

Mphunzitsi wa mwana wanga wa sitandade 1 anali sensei. Dokotala wa mano yemwe anandizula dzino anali sensei. Maloya, aphungu a nyumba ya malamulo ndi alembi a mabuku otchuka nawonso amaitanidwa choncho. Kwathu kuno tayerekezani mmene timanenera kuti aphunzitsi, adokotala, kapena akuluakulu. Ndi ulemu wa tsiku ndi tsiku, si udindo wa mizimu.

Zinthu ziwiri zomwe timaphonya kuno. Liwuli limabwera pambuyo pa dzina: Tanaka sensei, osati sensei Tanaka. Ndipo munthu sadzitcha yekha sensei podzitchula kwa akulu anzake. Akafunsidwa ntchito yake amati kyoshi, kutanthauza kuti ndine wophunzitsa. Sensei amakuitana ndi anzako, monga mmene munthu sanganenere yekha kuti ine ndine olemekezeka.

Kamtedza

Ndiye mwana wa zaka 20 angakhale bwanji wobadwa poyamba kwa bambo wa zaka 45 yemwe akumuphunzitsa? Apa tanthauzo lanulo lagwa.

Nambewe_Kobe

Silinagwe achimwene. Zilembo zimatiuza komwe liwu linachokera, koma Ajapani sawerengera zaka akamalinena. Dokotala wanga uja anali wamng'ono kwa ine. Anatsogola pa ntchitoyo, basi. Ngakhale ife, mnyamata wongochoka ku koleji akafika pasukulu ya kumudzi, agogo a zaka 70 amamuti aphunzitsi, ndipo palibe amadabwa.

Mdala_wa_Judo

Achemwali a Nambewe alongosola bwino za sensei. Ine nditenge dojo, chifukwa pamenepa a Kamtedza sanalakwe kotheratu, ndipo ndibwino amayi amve zonse kuti asakadzidzimuke wina akawatulutsira mbali yomwe tinawabisira.

Do ndi njira. Njira yeniyeni yoyendamo, chifukwa njanji amati tetsudo, njira ya chitsulo, ndipo madzi a m'mipope amati suido, njira ya madzi. Jo ndi malo. Bwalo la masewero pasukulu ndi undojo, poimika magalimoto ndi chushajo, fakitale ndi kojo. Choncho dojo ndi malo a njira, malo ophunziriramo njira inayake. Do yemweyo ndi amene ali kumapeto kwa judo, kendo, aikido ndi karatedo, komanso shodo, luso lolemba zilembo ndi burashi.

Mbali ina ndi iyi. Liwuli linayambira m'chipembedzo cha Chibuda. Poyamba linkanena malo omwe Buda anakhala pansi pa mtengo mpaka anazindikira zomwe ankafuna, kenako linayamba kunena zipinda zomwe ansembe awo amachitiramo mwambo wosinkhasinkha. Ophunzitsa kumenya ndi lupanga anadzalibwereka pambuyo pake. Ndipo judo yathuyi inayambiradi pa kachisi: mu 1882 woyambitsa wake, Kano Jigoro, anatsegula sukulu yake yotchedwa Kodokan m'chipinda cha pa kachisi wa Eishoji ku Tokyo, chokwana mateti 12 okha. Koma anali mphunzitsi wachinyamata wa zaka 22 zosakwana n'komwe, wofuna malo ogona ndi ophunzitsira, osati wansembe, ndipo sanachedwepo, anasamuka.

Lero Mjapani akamva dojo amaganiza za holo yochitira masewero, monga ya kupolisi kapena ya kusukulu. Liwu likhoza kubadwira kwina n'kukulira kwina. Ife timati sabata yamawa tikapita ku msika, ndipo palibe amaganiza za Sabata la m'Baibulo.

Nambewe_Kobe

Ndiwonjezere kakang'ono pa katchulidwe. Ma o onse awiri amakokedwa, doojoo. Mukafupikitsa woyambayo mwatchula kansomba kena ka m'matope, ka ndevu ngati kamlamba, komwe amadya kumeneko. Zili ngati mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kulemba n'kumodzi koma khutu la mwini chinenero limasiyanitsa.

Chimzy_265

Ife timawerenga hana, dul, set, net ndipo malo athu timati dojang. Mphunzitsi ndi sabom. Ndiye zomwe mukunenazi mwina zimasiyana ndi dera la Japan lomwe munthu anachokera.

Mdala_wa_Judo

Mphwanga, zakozo ndi za taekwondo, ndipo ndi Chikoreya, osati Chijapani. Koma wakhudza chinthu choona: dojang ndi dojo zimalembedwa ndi zilembo zofanana zochokera ku China, Akoreya amangozitchula mwa kwawo.

Chimzy_265

Zikomo mdala, zaka ziwiri ndikuganiza kuti ndi chinenero chimodzi.

Shotokan_Ndirande

Make Yamikani, ine ndimaphunzitsa ana karate ya Shotokan, ndipo zomwe agogo anaona ndimachititsa katatu pa sabata. Ndikuyendetseni liwu ndi liwu monga zimachitikira, kuti mukawafotokozere mwa Chichewa.

Ana amafola mzere umodzi kuyang'ana kutsogolo, wa lamba wamkulu kumapeto kumodzi, watsopano kumapeto enawo. Amene amaitana mawu nthawi zambiri si mphunzitsi, ndi wophunzira wamkulu, senpai. Onani sen uja wabweranso: mnzako amene anatsogola kulowa. Pakamwa limamveka ngati sempai.

Iye amati seiza. Tanthauzo lake ndi kukhala koyenera. Umagwada, kuyamba ndi bondo lamanzere m'masukulu ambiri, n'kukhalira zidendene, msana uli chilili, manja pa ntchafu. Ku Japan umu ndi mmene munthu amakhalira mwaulemu m'nyumba ya mateti, pocheza ndi akulu kapena pa mwambo wa tiyi. Kwa ife kugwada kwa mwamuna kumaoneka kwachilendo, n'chifukwa chake maso a agogo anathamangira ku pemphero.

Kenako amati mokuso. Moku ndi kukhala chete, so ndi kuganiza. Ana amatsinzina n'kumapuma pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi, nthawi zina yosakwana. Palibe mawu onena mumtima, palibe dzina loitana. Ine ndimawauza kuti siyani phokoso la m'minibasi pakhomo. Nthawi ikakwana amati mokuso yame, ndipo yame ndi siya, liwu lomwelo lomwe woyimbira amakuwa poletsa awiri omenyana.

Tsopano rei. Liwuli ndi ulemu, ndipo likanenedwa ngati lamulo ndiye kuti werama. Amalinena katatu. Shomen ni rei, ulemu kutsogolo. Shomen ndi kutsogolo chabe, monga kumaso kwa nyumba, ndipo ni ndi kaliwu kofanana ndi kwa kapena ku. Sensei ni rei, ulemu kwa aphunzitsi, ndipo apa mphunzitsi amatembenuka n'kuweramira anawo nayenso. Agogo mukawafunse ngati anaona zimenezo. Lachitatu ndi otagai ni rei, ulemu kwa wina ndi mnzake. Powerama manja amatsikira pansi kutsogolo kwa mawondo, koma chipumi sichigunda pansi ndipo matako sanyamuka pa zidendene. Mwana akamagunditsa mutu pansi ndiye kuti sanakonzedwe.

Poyamba ambiri amanena onegaishimasu, lomwe ndi chonde, ndikupempha. Pomaliza amati arigato gozaimashita, zikomo pa zomwe mwachita. Mawu awiriwa muwamva m'sitolo iliyonse ku Japan.

Chithunzi chija, ngati ndi Shotokan, ndi cha Funakoshi Gichin, woyambitsa wake. Anabadwira ku Okinawa mu 1868, anagwira ntchito ya uphunzitsi wa pulayimale zaka zambiri, anakaonetsa karate ku Tokyo mu 1922 n'kukhazikika komweko mpaka anamwalira mu 1957. Pa malangizo 20 omwe anasiya, loyamba limati karate imayamba ndi rei ndipo imatha ndi rei. Shoto linali dzina lomwe ankasainira ndakatulo zake, lotanthauza mafunde a mitengo ya paini, mkokomo wa mphepo ikamadutsa m'mitengomo. Kan ndi nyumba. Shotokan poyamba linali dzina la holo yake, osati la mtundu wa karate.

Nambewe_Kobe

Zoona. Kusukulu ya mwana wanga phunziro likamayamba mwana mmodzi ankaitana kuti kiritsu, onse n'kuimirira, kenako rei, onse n'kuwerama, kenako chakuseki, onse n'kukhala. Phunziro la masamu limenelo. Rei wake ndi yemweyu.

Mkulu_wa_Mpingo_Dedza

Ndawerenga zonse modekha ndipo ndaphunzira. Pa sensei ndilibe mawu. Pa kuweramira mphunzitsi wamoyo yemwe akukubwezera, ndilibenso mawu, pakuti ana athu aakazi amagwada popereka madzi kwa akulu ndipo sitinati akupembedza. Koma shomen ni rei yandikanika kumeza. Mphunzitsi amabweza ulemu, mnzako amabweza ulemu. Nanga khoma? Nanga munthu amene anamwalira mu 1957? Mukuti liwulo likungotanthauza kutsogolo, chabwino, koma funso la agogo silinali pa liwu, linali pa chomwe chili kutsogoloko. Ndinamvanso kuti kwawoko pakhoma lomwelo amaikapo kaguwa ka milungu yawo. Ndi zoona kapena ayi?

Mdala_wa_Judo

Ndi zoona, bambo mkulu. Amakatcha kamidana, kashelefu ka milungu ya Chishinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan, ndipo m'ma dojo ambiri a ku Japan kamakhala pamwamba pa khoma la kutsogolo. Kamapezekanso m'nyumba ndi m'masitolo. Kumeneko ena amaitana kuti shinzen ni rei, ndipo limenelo likutanthauzadi ulemu pamaso pa mulungu. Shomen ndi liwu lina, losatchula mulungu aliyense, ndipo ndi lomwe ndamva m'maholo onse omwe ndapondamo kuno. Ndiye khutu likhoza kukuthandizani: shinzen ndi shomen si chimodzi.

Ine ndine Mkatolika wa ku Zomba, ndaweramira chithunzi cha Kano zaka zoposa 30, ndipo mumtima mwanga ndimakhala ndikuthokoza amene anayambitsa zomwe ndikuphunzira, monga timaimirira nyimbo ya fuko mbendera ikukwera. Koma sindinganene kuti aliyense amve ngati ine.

Mkulu_wa_Mpingo_Dedza

Ndathokoza kuti simunabise. Ine mwana wanga ndingamulole awiri enawo, loyambalo akhale chete osawerama. Mbendera si munthu wakufa.

Shotokan_Ndirande

Ndili ndi ana awiri a banja lachisilamu omwe amachita chimodzimodzi, ndipo bambo awo anandipempha kuti ngakhale kwa ine asamatsitse manja pansi, azingogwedeza mutu ataimirira. Ndinavomera. Mnzanga wina wophunzitsa amakana, akuti mwambo ukayamba kudulidwa zidutswa umatha. Takambirana kangapo ndipo sitinagwirizanebe.

Mayi_Geni_Mchesi

Pepani kulowerera, poti aphunzitsi alipo pano. M'belo la kaunjika ndapezamo malaya oyera awiri a masewerowa, amodzi opyapyala, ena olemera ngati chiguduli. Mwana wanga akuti ndi gi. Ndigulitse bwanji, ndi amodzi?

Mdala_wa_Judo

Si amodzi, mayi. Olemerawo, okhala ndi ulusi wolukidwa ngati timbewu ta mpunga ndi kolala yochindikala, ndi judogi, anawapanga kuti azikokedwa osang'ambika. Opyapyalawo, okhala ndi tizingwe tomangira m'mbali, ndi karategi. Wa karate atavala a judo atopa msanga, wa judo atavala a karate tsiku lomwelo manja athothoka. A judo muike mtengo wokwererapo.

Nambewe_Kobe

Ndipo gi payekha si liwu ku Japan. Limachokera ku ki, kuvala, yemwe ali mu kimono, chinthu chovala. Ki akamatidwa kumbuyo kwa liwu lina amasanduka gi. Kumeneko amati dogi kapena keikogi, chovala cha pa maphunziro.

Shotokan_Ndirande

Lamulo limeneli la k kusanduka g ndi lomwe limasokoneza ana anga. Theche ndi keri. Likabwera kumbuyo kwa liwu lina limakhala geri: mae ndi kutsogolo, ndiye mae geri ndi theche la kutsogolo, yoko ndi m'mbali, yoko geri ndi theche la m'mbali. Chibakera cholasa ndi tsuki, kumbuyo chimakhala zuki, monga gyaku zuki, chibakera cha dzanja losemphana ndi mwendo womwe uli patsogolo. Kaimidwe ndi tachi, kumbuyo dachi, monga kiba dachi, kuima ngati wakwera hatchi.

Mwana akadziwa timawu tomangira ngati 15, mayina ambiri amawamasula yekha. Ndikati jodan age uke, jodan ndi gawo la pamwamba, kumutu, age ndi kukweza, uke ndi kulandira. Taonani, si kutchinga monga timanenera, ndi kulandira. Ndikawauza ana zimenezi mapewa awo amamasuka, amasiya kumenyana ndi dzanja lomwe likubwera. Koma chenjezo: musamati lero tichita geri. Liwulo likaima lokha limamveka chimodzimodzi ndi la matenda otsegula m'mimba. Ndinakonzedwa ndi mlendo wa ku Japan yemwe anabwera kudzationa, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndimati keri.

Phiri_wa_ku_Joni

Nonse mwalumpha oss. Ine ndimachita Kyokushin kuno ku Joni, karate ya Oyama Masutatsu, ndipo kwathu liwu limeneli ndi mtima wa zonse. Limalembedwa osu, ndi zilembo ziwiri, kukankha ndi kupirira. Ndiye kuti ndikankhabe ngakhale zikupweteka. Timalinena polowa, potuluka, poyankha, pomenyedwa. Si inde bwana ayi.

Nambewe_Kobe

A Phiri, zilembozo ndazionadi, koma ambiri amene ndinkacheza nawo kumeneko ankati zinamatidwa pambuyo, liwu lilipo kale. Iwo amati ndi moni wa m'mawa, ohayo gozaimasu, yemwe anyamata a m'makalabu a masewero a m'mayunivesite anamufinya n'kutsala chiyambi ndi mapeto. Ena amati linafinyidwa kuchokera ku onegaishimasu. Chomwe ndinaona ndi maso n'choti ndi liwu la anyamata okhaokha, la makani pang'ono. Simungalinene kwa apongozi, kwa dokotala, kapena kwa bwana kuntchito. Lili ngati mmene anyamata a pa siteji amapatsirana moni wawo wachidule, wabwino pakati pawo, wosayenera pa bwalo la mfumu.

Phiri_wa_ku_Joni

Achemwali, inu munali ku yunivesite, ine ndili pa mateti. Shihan wathu, mphunzitsi wamkulu, anaphunzira kwa Ajapani enieni ndipo amatiuza kuti ndi kukankha ndi kupirira. M'dojo liwu limatanthauza zomwe dojo ikunena.

Mdala_wa_Judo

Nonse mukhoza kukhala olondola, wina akunena komwe linachokera, wina akunena zomwe analisenzetsa. Koma a Phiri musati dojo iliyonse. Ife a judo tikauzidwa chinthu timati hai, inde wamba. Ndipo aphunzitsi ambiri a ku Okinawa, komwe karate inabadwira, salifuna liwu limeneli m'holo mwawo.

Phiri_wa_ku_Joni

Za ku Okinawa ndamvapo. Koma ine ndisiya osu tsiku lomwe ndidzasiye karate.

Kamtedza

Chabwino, pa sensei ndagonja. Koma lamba wakuda ndi womaliza, pamenepo musandikanize.

Mdala_wa_Judo

Ndikukanizani ndithu. Lamba wakuda woyamba amatchedwa shodan. Dan ndi sitepe ya makwerero, ndipo sho si wani, ndi chiyambi. Sitepe yoyambira. Asanafike apo munthu amakhala pa ma kyu, omwe amawerengedwa chotsika, kuchokera mwina pa 10 kapena 9 mpaka pa 1. Akafika pa shodan kuwerenga kumatembenuka, nidan, sandan, yondan, kukwera mpaka 10. Kano anatengera dongosololi ku masewero a go, a timiyala toyera ndi takuda pa bolodi, ndipo mu 1883 anapereka shodan kwa ophunzira ake awiri, Tomita Tsunejiro ndi Saigo Shiro. Ku Japan ana ambiri a sekondale ali ndi shodan ya judo, ndipo palibe amawatcha akatswiri.

Izi ndimazinena ndi mtima wowawa pang'ono. Ndinaphunzitsapo mnyamata wina waluso kwambiri. Atangolandira shodan anapita kukasokeretsa mawu oti sensei pamsana pa malaya ake, n'kusiya kubwera ku maphunziro. Ndinamutsatira kwawo kawiri. Akanadziwa kuti liwu lomwe lili pa satifiketi yake likuti wayamba kumene, mwina bwenzi tili naye mpaka pano.

Chimzy_265

Bwanji yondan pomwe powerenga anzanga a karate amati ichi, ni, san, shi?

Nambewe_Kobe

Folo ali ndi mayina awiri, shi ndi yon. Shi amamveka chimodzimodzi ndi liwu la imfa, ndiye m'mawu ambiri amasankha yon, ndipo zipatala zina zimalumpha chipinda nambala 4. Seveni nayenso ali pawiri, shichi ndi nana. Powerenga mofuula pa masewero amagwiritsa shi ndi shichi, ndipo amameza mapeto, n'chifukwa chake mumamva ich, rok, hach. Kumeza komweko ndi komwe kumasandutsa osu kukhala oss.

Mlimi_wa_Fodya

Ine funso langa ndi lina. Ana athu akuvutika kale ndi Chingerezi kusukulu, tiwasenzetsenso Chijapani? Bwanji osangoti khalani pansi, tsinzinani, perekani ulemu? Agogowo akanamva Chichewa bwenzi nkhani yonseyi kulibe.

Shotokan_Ndirande

Bambo, theka la mawu anu ndikulivomera ndi mtima wonse. Vuto la kwa Make Yamikani labwera chifukwa mwana akunena mawu omwe sanauzidwe tanthauzo lake, ndipo cholakwa chimenecho ndi chathu ophunzitsa. Ambiri a ife tinangolandira mawuwa pakamwa, ena opindika kale, n'kumawapatsira ana. Ine masiku ano mwezi woyamba ndimanena liwu lililonse kawiri, Chijapani kenako Chichewa.

Koma kuwataya sindingathe. Mwana wanga akapita ku mpikisano ku Lusaka kapena ku Maputo, woyimbira sanena Chichewa, Chingerezi kapena Chipwitikizi. Amati hajime, yambani, amati yame, siyani. Aka ndi wofiira, ao ndi wabuluu, malinga ndi lamba yemwe wavala pa mpikisanowo. Mwana wosamva yame amamenya mnzake masewero ataima, n'kulangidwa, mwinanso kuvulaza munthu. Ku judo ali ndi mate, dikira. Mawu amenewa ndi omwe amachititsa kuti mwana wa ku Ndirande ndi wa ku Brazil aphunzire limodzi tsiku loyamba.

Mlimi_wa_Fodya

Hajime ndi yame ndamva. Koma mokuso safunika pa mpikisano.

Shotokan_Ndirande

Safunikadi. Pamenepo ndilibe yankho lamphamvu, ndimangolisunga poti ndi mmene ndinalandirira.

Make_Yamikani

Ndabwera kudzathokoza nonse. Dzulo madzulo ndinakhala pansi ndi apongozi anga ndi mwanayo, ndinawawerengera zomwe a ku Ndirande analemba, liwu ndi liwu. Pa sensei anaseka, akuti ndiye kuti ngakhale iwo ndi sensei wa tonse m'nyumba muno poti anabadwa poyamba. Anavomera kuti anaonadi mphunzitsi akuweramira ana, ndipo akuti chimenecho chinawadabwitsa tsiku lomwelo koma mkwiyo unaphimba. Za kaguwa kaja sindinawabisire, ndinawauza kuti ku Japan kaliko koma pa holo pathu pali chithunzi chokha.

Pa chithunzipo sanasunthe. Ali ngati bambo mkulu a ku Dedza: mphunzitsi inde, anzake inde, khoma ayi. Yamikani akudandaula kuti akakhala yekha osawerama anzake amuseka. Tagwirizana kuti Loweruka tipite atatu maphunziro asanayambe tikayankhule ndi aphunzitsi ake. Ndikafunsenso kuti amaitana shomen kapena shinzen, poti mwanayo akuti amangomva ni rei yokha.

Shotokan_Ndirande

Mukafike mphindi 20 nthawi isanakwane, ana asanafole, ndipo nsapato mukavule pakhomo, agogonso. Mukawapemphe aphunzitsiwo kuti amuike Yamikani kumapeto kwa mzere masabata oyamba, anzake sazindikira msanga. Mudzatiuze zomwe akayankhe, chifukwa mnzanga uja wokana kudula mwambo ndikufuna adzawerenge.